Chizindikiro chija chimatembenukiranji tikagawa ndi negetivu?

Wa Fomu 3: Akuluakulu, ndithandizeniko samu iyi ya ma inikwalite. Funso ndi 7 − 3x > 19. Ndachotsa 7 mbali zonse ziwiri, kwatsala −3x > 12. Kenako ndagawa ndi −3, ndapeza x > −4. Koma kumapeto kwa buku alemba kuti x < −4. Nambala ndi yomweyo, chizindikiro ndiye chapenya kwina. Buku lalakwitsa kapena pali pomwe ndadumpha?

Madamu a Masamu: Buku silinalakwitse mwanawe, ndipo ukhoza kudzionera wekha popanda kukhulupirira munthu. Yankho lako likuti nambala iliyonse yoposa −4 ikuyenera kugwira. Tenga 0, poti ndi wamkulu kuposa −4 ndipo savuta kuwerengera. Muike m'funso lenilenilo: 7 − 3(0) ndi 7. Kodi 7 > 19? Ayi. Ndiye yankho lako lagwa pomwepo.

Tsopano tenga nambala ya mbali ya buku, monga −5. Apa −3 kuchulukitsa ndi −5 kukupatsa 15, ndipo 7 + 15 ndi 22. Kodi 22 > 19? Eya.

Ntchito yako yonse inali bwino mpaka pa −3x > 12. Chasokonekera ndi sitepe yomaliza. Ukachulukitsa kapena kugawa mbali zonse ziwiri ndi nambala ya negetivu, chizindikiro chimatembenuka: > amakhala <, ndipo ≥ amakhala ≤. Choncho mzere wotsatira unayenera kukhala x < −4.

Achimwene a Shotikati: Osazitalikitsa izi. Ukangoona mainasi pa inikwalite, tembenuza chizindikiro. Basi wathana nazo.

Madamu a Masamu: Achimwene, lamulo lanulo ndi lomwe limagwetsa ana ambiri, chifukwa limagwira tsiku lina, tsiku lina n'kukana. Onani iyi: 3x > −12. Mainasi alipo, koma tikugawa ndi 3, yemwe ndi pozitivu. Yankho ndi x > −4, osatembenuza kanthu. Yesani x = 0: 0 > −12, zoona. Mukanatembenuza mukanati x < −4, ndiye x = −5 akanapereka −15 > −12, lomwe ndi bodza.

Chofunika kuyang'ana ndi nambala imene mukugawa nayo kapena kuchulukitsa nayo, osati mainasi aliyense amene ali pa pepala. Pa −3x > 12 tikugawa ndi −3, timatembenuza. Pa 3x > −12 tikugawa ndi 3, sititembenuza. Pa −3x > −12 tikugawa ndi −3, timatembenuza kamodzi kokha, x < 4, ngakhale ma mainasi akuoneka awiri.

Achimwene a Shotikati: Chabwino, pa kugawa ndamva. Koma paja ukasamutsa nambala kupita mbali ina chizindikiro chimasinthanso? x + 5 > 2 timati 5 akawoloka amakhala −5. Si kusintha komweko?

Aphunzitsi Opuma: Ayi bwana, mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chasintha pamenepo ndi pulasi wa 5 uja, wakhala mainasi. Chizindikiro cha pakati sichinagwedezeke: x > 2 − 5, kutanthauza x > −3. Ndipotu 5 sawoloka. Chimene tachita n'kuchotsa 5 mbali zonse ziwiri, kumanzere n'kutheratu, kumanja n'kuoneka ngati −5. Kuphatikiza ndi kuchotsera sikutembenuza inikwalite, kaya nambalayo ndi pozitivu kaya negetivu.

Wa Fomu 3: Zikomo Madamu, ndayesa ndaona kuti buku lili bwino. Koma chifukwa chake ndiye sindinachimve. Pa ikweshoni timagawa ndi −3 osasintha kalikonse. Pano zikusiyana pati?

Aphunzitsi Opuma: Limeneli ndiye funso lenileni. Iwala kaye za x, tigwire manambala wamba.

Jambula mzere wa manambala, ziro pakati, ma pozitivu kumanja, ma negetivu kumanzere. Pa mzere umenewu mawu akuti "yaikulu" akutanthauza chinthu chimodzi chokha: nambala imene ili kumanja kwa inzake. Choncho 2 < 5 akungonena kuti 2 ali kumanzere kwa 5.

Phatikiza 10 kwa onse awiri. Akhala 12 ndi 15. Onse asendera kumanja mtunda wofanana, wakumanzere akadali kumanzere. Chotsa 10 kwa onse awiri, akhala −8 ndi −5. Onse alowa ku negetivu, komabe −8 ali kumanzere kwa −5, ndiye −8 < −5. Palibe wadumpha mnzake.

Chulukitsa onse ndi 3. Akhala 6 ndi 15. Mpata pakati pawo wakula, unali 3 tsopano ndi 9, koma wakumanzere sanachoke kumanzere.

Tsopano chulukitsa ndi −1. Apa 2 agwera pa −2, masitepe awiri kumanzere kwa ziro. 5 agwera pa −5, masitepe asanu kumanzere kwa ziro. Taika chala pa manambala awiriwo uone. Uja anali kutali ndi ziro kumanja, tsopano ali kutali ndi ziro kumanzere. Ndiye amene anali wamkulu wasanduka wamng'ono. −2 ali kumanja kwa −5, ndipo tiyenera kulemba −2 > −5. Mzere wonse watembenukira pa ziro, kumanja kwakhala kumanzere. Kuchulukitsa ndi −3 ndi ntchito ziwiri pamodzi: kutambasula katatu, kenako kutembenuza. Kutambasulako sikusintha ndondomeko, kutembenuzako ndi kumene kumasintha.

Pa ikweshoni vutoli silioneka chifukwa mbali ziwirizo ndi nambala imodzi, zili pa dontho limodzi. Ukatembenuza mzere zimasamukira limodzi. Palibe wakumanzere, palibe wakumanja, ndiye palibe chosintha.

Wa Fomu 3: Pa −2 > −5 mutu umakanabe. 5 ndi wamkulu kuposa 2.

Mayi a Geni: Mwanangu, ganiza za ngongole. Wina ali ndi K5,000 m'thumba, mnzake ali ndi K2,000. Wa K5,000 ali pabwino. Tsopano manambala omwewo akhale ngongole: uyu akongola K5,000, uyo akongola K2,000. Ali pabwino ndani? Wa K2,000 uja. Ndalama zake ndi −2,000, za mnzakeyo −5,000. Manambala ndi omwewo, koma amene anali pamwamba ali pansi.

Wa ku Yunivesite: Ndiwonjezereko pang'ono kwa amene akufuna umboni wa zilembo, chifukwa chitsanzo cha 2 ndi 5 chikuonetsa nkhani imodzi yokha. Kutembenuza si lamulo lachilendo lochokera kwina, kumatuluka m'lamulo la kuchotsera lomwe tagwirizana kale.

Yambani ndi a < b.
Chotsani a mbali zonse: 0 < b − a.
Chotsaninso b mbali zonse: −b < −a.

Sitinachulukitse ndi chilichonse ndipo chizindikiro sitinachikhudze. Tsopano werengani mzere womalizawo kuchokera kumanja: −a > −b. Tinayamba ndi a < b, tafika pa −a > −b. Kumeneko ndiye kuchulukitsa ndi −1 kuja, ndipo chizindikiro chatembenuka chokha. Kugawa ndi −3 n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa ndi −1/3, ndiye kugawa sikufuna umboni wakewake.

Madamu a Masamu: Pamenepa ndi pomwe pakuchokera njira imene ndimaikonda ya ana amene amaiwalaiwala. Osagawa n'komwe ndi negetivu. Pititsani x mbali imene akakhale pozitivu. Samu ya mwanayu iyenda chonchi:

7 − 3x > 19
7 > 19 + 3x
−12 > 3x
−4 > x

Mzere wachiwiri taphatikiza 3x mbali zonse, wachitatu tachotsa 19, wachinayi tagawa ndi 3 wa pozitivu. Palibe potembenuza.

Koma njirayi ili ndi msampha wake pa mzere womaliza. Mwana akaona −4 > x amafuna x akhale kumanzere monga anazolowera, ndiye amasinthanitsa malo n'kusiya chizindikiro mmene chinalili: x > −4. Wabwerera ku cholakwika chomwe chija podzera khomo lina. Pa −4 > x nsonga ya chizindikiro yaloza x, kusonyeza kuti x ndiye wamng'ono. Ukalembanso, nsongayo ilozebe x: x < −4.

Aphunzitsi Opuma: Madamu, njirayo ndi yabwino, koma sindingalole mwana aziidalira yokha. Akafika pa inikwalite ya mbali zitatu x alibe kothawira, ali pakati. Tiyeni tione:

−5 ≤ 1 − 2x < 7

Chotsani 1 m'zigawo zonse zitatu: −6 ≤ −2x < 6.
Gawani zonse zitatu ndi −2, zizindikiro zonse ziwiri zitembenuke: 3 ≥ x > −3.
Lembani mwadongosolo, yaing'ono kumanzere: −3 < x ≤ 3.

Apa ana amagwa m'njira ziwiri. Yoyamba, sanatembenuze, ndiye alemba 3 ≤ x < −3. Mzere umenewu umadziulula wokha: ukunena kuti pali nambala yosachepera 3 yomwenso ili pansi pa −3. Kulibe nambala yotero. Ukaona nambala yaikulu kumanzere, yaing'ono kumanja, zizindikiro zili <, dziwa kuti pena waiwala kutembenuza.

Yachiwiri ndi yobisika. Atembenuza bwino, koma polemba mwadongosolo kamzere ka "kapena kufanana" katsalira kumanzere komwe kanali poyamba, n'kulemba −3 ≤ x < 3. Kamzereko kamayenda ndi nambala yake. Kanayamba ndi −5, yemwe anasanduka −6, kenako 3. Ndiye kakhale kwa 3. Yesani malire onse awiri: x = 3 akupereka 1 − 6 = −5, ndipo −5 ≤ −5 ndi zoona, 3 alowa. x = −3 akupereka 1 + 6 = 7, koma 7 < 7 ndi bodza, −3 atsala kunja. Pa mzere wa manambala, pa −3 jambulani kabwalo kopanda kanthu m'kati, pa 3 kabwalo kodetsa, kenako mulumikize. Funso likati tchulani manambala athunthu, ndi −2, −1, 0, 1, 2 ndi 3. Wosokoneza kamzere uja alemba kuyambira −3 mpaka 2. Manambala asanu ndi limodzi ndithu, koma malire onse awiri olakwika.

Madamu a Masamu: Zoona bambo, ngakhale imeneyonso ikhoza kugawidwa pawiri, −5 ≤ 1 − 2x payokha ndi 1 − 2x < 7 payokha, iliyonse n'kuisova posamutsa x. Imangotalika basi.

Aphunzitsi Opuma: Kutalikako ndiye vuto pa mayeso a MSCE, nthawi siidikira munthu. Komanso mizere ikachuluka, malo ophonyera amachulukanso.

Mayi a Geni: Pepani ndilowetse yanga, mundiuze ngati ili m'gulu lomweli. Munthu ali ndi K20,000, tsiku lililonse akugwiritsa K1,800 ya minibasi ndi chakudya chamasana, ndipo akufuna asatsike pansi pa K5,000. Masiku angati? Pamutu ndikudziwa kuti ndi 8, koma mwana akufuna ilembedwe mwa sukulu.

Madamu a Masamu: Ili m'gulu lomweli mayi, ndipo ndi yabwino chifukwa nzeru wamba zikutiuza kale kumene chizindikiro chiyenera kupenya. Masiku tiwatche d. Zotsala ndi 20,000 − 1,800d, ndipo mawu oti "asatsike pansi pa K5,000" akuloleza K5,000 yeniyeniyo, ndiye chizindikiro ndi ≥.

20,000 − 1,800d ≥ 5,000
−1,800d ≥ −15,000
d ≤ 8.33…

Mzere womaliza tagawa ndi −1,800, tatembenuza. Tikanapanda kutembenuza tikanapeza d ≥ 8.33, kutanthauza kuti masiku 9, 20, ngakhale 100 ali bwino, ngati kuti munthu akamawononga kwambiri ndalama zimatsalanso zambiri. Masiku akamakwera zotsala zimatsika, n'chifukwa chake "zotsala zisachepere" yasanduka "masiku asapitirire".

Tsiku silidulidwa pakati, ndiye yankho ndi masiku 8. Pa 8 zatha K14,400, zatsala K5,600. Pa 9 zatha K16,200, zatsala K3,800, tapyola malire. Muuzeni mwanayo kuti apa si nkhani yozungulitsa ku nambala yapafupi. Ngakhale kukanatuluka d ≤ 8.9 yankho likanakhalabe 8, chifukwa 9 sali pansi pa 8.9.

Wa Fomu 3: Tsopano zalowa. Ndayesa ina kuti ndione: 6/x < 2. Ndachulukitsa ndi x mbali zonse, 6 < 2x, ndiye x > 3. Palibe negetivu paliponse, sindinatembenuze. Ili bwino?

Achimwene a Shotikati: Ili bwino mphwanga. x = 6 akupereka 1 < 2. Yatheka.

Wa ku Yunivesite: Theka lake lili bwino, theka lina latayika. Yesani x = −1. 6 kugawa ndi −1 ndi −6, ndipo −6 < 2 ndi zoona. Ndiye −1 akuyenera kukhala m'yankho, koma x > 3 wamusiya kunja. Chimodzimodzi −10, −0.5 ndi negetivu wina aliyense.

Wanena kuti palibe negetivu paliponse, koma wachulukitsa ndi x, ndipo x sukumudziwa. Chilembo chopanda mainasi kutsogolo chikhoza kusunga nambala ya negetivu m'kati. Posatembenuza, waganiza mwakachetechete kuti x ndi pozitivu. Ndiye samu yotere imasovedwa m'magawo awiri, ndipo x = 0 timamuchotseratu chifukwa sitigawa ndi ziro.

Gawo loyamba, x > 0. Chulukitsa ndi x osatembenuza: 6 < 2x, x > 3. Nambala yoposa 3 ndi pozitivu kale, ndiye zikugwirizana. Tasunga x > 3.

Gawo lachiwiri, x < 0. Chulukitsa ndi x, tembenuza: 6 > 2x, x < 3. Koma tinayamba ponena kuti x ali pansi pa ziro, ndiye zonse ziwiri zichitike pamodzi. Yokhwima ndi x < 0, ndiyo tasunga.

Yankho lonse: x < 0 kapena x > 3. Pakati pa 0 ndi 3 palibe. Yesa x = 1: 6 < 2, bodza. Pa x = 3 penipeni, 2 < 2, bodzanso.

Achimwene a Shotikati: Komatu ine ndinayesa nambala monga Madamu ananenera ndipo inagwira.

Madamu a Masamu: Munayesa ya m'kati mwa yankho yokha achimwene. Imeneyo imakuuzani kuti zimene mwalemba zilimo, siikuuzani kuti palibe zimene mwasiya. Yesaninso ya kunja kwa yankho, ndipo iyenera kukana. Pa samu wamba ngati 7 − 3x > 19 malire ndi amodzi, −4, ndiye manambala awiri akukwana, wina uku wina uko. Koma x akakhala pansi pa fulakishoni, nambala imene ikusandutsa pansipo ziro ndi malire enanso. Pa 6/x < 2 malire ndi 0 ndi 3, amene adula mzere m'zigawo zitatu, ndipo chigawo chilichonse chikufuna nambala yakeyake yoyesera: −1 wavomera, 1 wakana, 6 wavomera.

Wa ku Yunivesite: Palinso njira yachidule yopewa magawo. Chulukitsani ndi x² m'malo mwa x. Sikweya ya nambala iliyonse yomwe si ziro ndi pozitivu, ndiye palibe mantha otembenuza. 6/x < 2 isanduka 6x < 2x², kenako 0 < 2x(x − 3). Manambala awiri akachulukitsana n'kupereka pozitivu ndiye kuti onse ndi pozitivu kapena onse ndi negetivu. Onse pozitivu ndi x > 3, onse negetivu ndi x < 0. Yankho lomwe lija.

Aphunzitsi Opuma: Ndi yolondola, koma kwa wa Fomu 3 sindikuikonda. Mwamuchotsera vuto limodzi n'kumupatsa kwadiratiki, yomwe ili ndi maenje akeake. Ana omwewa ndi amene akaona x² > 9 amalemba x > ±3, mzere wosatanthauza kanthu. Yankho lake ndi x > 3 kapena x < −3, ndipo mbali ya negetivuyo yapenya kwina pa chifukwa chomwe takhala tikukambirana. Njira ya magawo imamukakamiza mwana kudzifunsa kuti chimene akuchulukitsa nachocho ndi pozitivu kapena negetivu, lomwe ndi funso lokhalo lofunika pa mutu wonsewu.

Wa ku Yunivesite: Ndikumva bambo, koma pansi pakakhala zinthu ziwiri, monga 1/(x − 1) < 2/(x + 2), magawo amakhala atatu ndipo ana ambiri amasochera pophatikiza mayankho a magawowo. Pamenepo masikweya amapulumutsa.

Aphunzitsi Opuma: Akafika kumeneko adzakhala atakula. Pano ayambe wadziwa chimene akuthawa.

Madamu a Masamu: Inu awiri simugwirizana lero. Mwanawe, siya zimenezo kaye, sova izi zitatu utumize ndi manambala amene wayesera. Imodzi yokha ndi imene ikufuna kutembenuza ukasiya x kumanzere.

4x + 9 ≥ −11
5 − x/2 < 8
2(x − 6) > −20

Wa Fomu 3: Yoyamba: 4x ≥ −20, ndagawa ndi 4, x ≥ −5. Pa 0 ikupereka 9 ≥ −11, zoona. Pa −6 ikupereka −15 ≥ −11, bodza. Yachitatu: 2x − 12 > −20, 2x > −8, x > −4. Pa 0 ikupereka −12 > −20, zoona. Pa −5 ikupereka −22 > −20, bodza. Yachiwiri ndafika pa −x/2 < 3, ndiye ndasokonezeka. Ndichulukitse ndi 2 kaye kenako ndigawe ndi −1, kapena ndichulukitse ndi −2 kamodzi? Ndikachita masitepe awiri nditembenuza kawiri?

Madamu a Masamu: Ziwirizo wakhoza. Pa yachiwiri njira zonse ndi zabwino, ndipo utembenuza kamodzi kokha chifukwa negetivu ukumugwiritsa ntchito kamodzi. Kuchulukitsa ndi 2 kukupatsa −x < 6, chizindikiro chili pomwepo. Kugawa ndi −1 kukupatsa x > −6, apa ndiye chatembenuka. Ukachulukitsa ndi −2 ufika pa x > −6 mwachindunji. Yesa 0 ndi −8 m'funso loyambirira utiuze zimene zatuluka.

Wa Fomu 3: Pa 0, 5 < 8, zoona. Pa −8, 5 + 4 = 9, ndipo 9 < 8 ndi bodza. Pa −6 penipeni ikupereka 8 < 8, ndiye kabwalo kake ndi kopanda kanthu m'kati.